Mphatso yomangika itagwira ntchito: kusamutsa ndalama m'thumba la sukulu yamkaka ku mpingo wina wa ku Dwangwa

Mu Januwale 2025 komiti ya zachuma ya mpingo wina wa kufupi ndi Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, inali itamanga kale mfundo yoti ikatule kwa akulu ampingo. Mfundoyo inali yoti akaunti ya sukulu yamkaka itsekedwe, ndipo K800,000 yomwe inatsala kubanki ilowe m'thumba lalikulu la mpingo kuti akonzere denga la nyumba ya abusa, lomwe linkadontha. Kwa aliyense wa m'komitimo nkhaniyi inali yosavuta. Buloko inali itatha, ana ankaphunziramo kuyambira Okutobala, ndipo buku la amayi msungichuma linkagwirizana ndi sitetimenti ya banki mpaka tambala yomaliza.

Mabukuwo anafika kwa ife kuti tiwaunike msonkhano wapachaka usanachitike. Tisanatsegule kashibuku tinapempha kalata ya amene anapereka ndalamazo, ndipo vuto linaonekera pomwepo. Kalatayo inkatchula ntchito zitatu. Pamalopo panali ziwiri.

Kumene ndalama inachokera

Mphatsoyi inachokera ku mpingo wina wa kunja womwe wakhala pa ubale ndi mpingowu kwa zaka zingapo. Inalowa kubanki mu Ogasiti 2023, itasinthidwa kale kukhala K24,000,000. Kalata yake ya tsamba limodzi ndi theka inagawa ndalamazo motere: K18,500,000 yomangira buloko ya zipinda ziwiri, K2,500,000 ya zimbudzi za ana, ndi K3,000,000 yophunzitsira alezi ndi kugula zipangizo za m'kalasi. Inalola kuti gawo lililonse lipitirire kapena kuchepa ndi 10 peresenti popanda kufunsa. Inanenanso kuti ndalama iliyonse yotsala isagwire ntchito ina mpaka iwo atavomera polemba. Za ndalama zoyendetsera ofesi kapena zodula za banki kalatayo sinanene kanthu.

Ndalama zoterezi ndizo timati thumba lomangika. Amazimanga ndi woperekayo, ndipo angazimasule ndi iye yekha, kapena ntchito imene anatchulayo ikachitika. Zimasiyana ndi ndalama zomwe akulu ampingo amapatula okha, monga akagwirizana kuti chopereka cha masika chaka chino chisungidwire galimoto. Zimenezo akulu omwewo akhoza kuzibweza pa msonkhano wotsatira. Za kalata sangathe, ngakhale atavota onse mogwirizana. Mipingo yambiri kwathu kuno inalembetsedwa pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act, ndipo amene amayankha ndalama yomangika ikapita kwina ndi matrasti, ngakhale sanagwireko cheke.

Mpingowu unayamba bwino. Unatsegula akaunti yapadera, ndipo komiti yomanga inagula simenti, malata, zitsulo ndi matabwa za K12,900,000 mu Seputembala ndi Okutobala 2023. Apa anachita mwanzeru, kapena tinene kuti mwayi unawagwera, chifukwa mu Novembala chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo mitengo ya zomangira inakwera nthawi yomweyo. Simentiyo inasanjidwa pa matabwa m'vesitile. Mmisiri anagwirizana nawo K6,000,000 ya ntchito ya manja, ndipo pa malipiro aliwonse ankamusungira 10 peresenti ngati ritenshoni, yoti adzalandire pakatha miyezi isanu ndi umodzi nyumbayo itaperekedwa, ngati sipaoneka chilema.

Zomwe zinali m'mabuku

Akaunti ya sukuluyi inalibe buku la macheke. Nthawi iliyonse pakafunika kulipira, amayi msungichuma ankalembera banki kuti isunthe ndalama kupita ku akaunti yaikulu ya mpingo, kenako n'kulemba cheke kuchokera kumeneko. M'kashibuku, pambali pa mzere uliwonse wotere, ankalemba zilembo T/F, chidule cha mawu achingerezi akuti transfer, ndi cholembera chofiira, ndipo kumapeto kwa chaka ankawonkhetsa mizere yofiirayo n'kuichotsa ku thumba lomangika. Mu 2023 inakwana K14,700,000, ndiye kuti zomangira zija ndi K1,800,000 yoyamba ya mmisiri. Mu 2024 inakwana K8,450,000. Banki nayo inadula K50,000 pa zaka ziwirizo. Pa K24,000,000 kuchotsa zonsezi, K800,000 n'kutsala.

Masamuwa alibe cholakwika, ndipo panalibe tambala yomwe inasowa. Ndikutsindika zimenezi chifukwa nkhani zamtunduwu zikamveka mumpingo, anthu amathamangira kuganiza zakuba, ndipo munthu amene wagwira ntchito yaulere zaka zambiri amanyozeka pachabe. Cholakwika chinali pa tanthauzo la mizere yofiirayo. Amayiwa ankaona ngati thumba lomangika ndi akaunti ya kubanki ndi chinthu chimodzi, moti ndalama ikachoka ku akaunti ndiye kuti yachokanso m'thumba. Akaunti imangonena komwe ndalama ili. Thumba limanena kuti mpingo udakali ndi udindo wochuluka bwanji kwa woperekayo. Mungasunthe ndalama kakhumi pakati pa maakaunti thumba osasintha, ndipo thumba likhoza kutsika ndi mamiliyoni popanda ndalama kusuntha kubanki. M'lipotili ndikanena kusuntha ndikutanthauza za kubanki, ndikanena kusamutsa ndikutanthauza za pakati pa matumba.

Titayala mavocha a 2024, K8,450,000 ija inagawika patatu. K3,600,000 inapita kwa mmisiri. K2,650,000 inali ya maphunziro a alezi asanu ndi mmodzi, mikeka, timipando, mabolodi ndi zoseweretsa. K2,200,000 yotsalayo inatuluka m'masabata awiri oyamba a Malichi, ndipo mavocha ake anali a ufa, nyemba, mchere, mapepala apulasitiki ofolera ndi mankhwala othira m'madzi akumwa.

Aliyense wa ku Nkhotakota akudziwa zomwe zinachitika kumapeto kwa Febuluwale 2024, mtsinje wa Dwangwa utasefukira. Mabanja ambiri anathawira ku tchalitchiku ndi zovala za m'thupi zokha. M'akaunti yaikulu munalibe ndalama yokwanira ngakhale matumba khumi a ufa. Abusa, mlembi ndi amayi msungichuma anagwirizana pafoni kuti atape ku ndalama za sukulu, adzabweza zinthu zikakhala bwino. Palibe amene analemba mfundoyi m'buku la maminitsi, ndipo palibe amene anauza opereka ndalama aja. Mndandanda wa olandira thandizo unalipo, wa masamba asanu ndi awiri, wokhala ndi mayina, midzi ndi zidindo za chala, mapepala ake atakwinyika chifukwa ananyowa. Ndalamayo inafikadi kwa anthu. Koma inali ndalama ya zimbudzi, ndipo chifukwa mzere wake unalandira T/F yofiira ngati ina yonse, ngongoleyo inazimiririka m'mabuku. Pofika Disembala palibe amene ankaikumbukira ngati ngongole.

Ndalama yeniyeni ya m'thumba

Tinayambiranso kuwerengera thumbalo kuchokera ku kalata, osati ku banki. Funso pa vocha iliyonse linali limodzi: kodi ichi ndi chimene woperekayo anatchula?

Buloko inadya K18,900,000, ndiye kuti zomangira K12,900,000 ndi ntchito ya mmisiri yonse K6,000,000. Tinawerengera K6,000,000 yonse ngakhale mmisiri anali atalandira K5,400,000 yokha, chifukwa ntchito anaimaliza ndipo K600,000 ya ritenshoni inali kale ngongole ya mpingo. Bulokoyo inapitirira bajeti ndi K400,000, zomwe zili pang'ono kupitirira 2 peresenti, mkati mwa malire a kalata. Maphunziro ndi zipangizo zinadya K2,650,000. Izi ziwiri zokha ndizo zinali zololedwa. Choncho pa 31 Disembala 2024 thumba lomangika linayenera kukhala ndi K2,450,000, osati K800,000.

Njira yotsimikizira nambala yotereyi ndi kuonetsa kuti ili kuti. Timalemba tebulo laling'ono, ndipo ngati silikugwirizana ndiye kuti penapake pali vocha yosochera.

```
Ku akaunti ya sukulu              800,000
Ngongole ya thumba lalikulu     2,250,000
Ritenshoni ya mmisiri            (600,000)
Thumba lomangika                2,450,000
```

K2,250,000 ndi thandizo lija kuphatikiza K50,000 ya banki. Za banki zikhoza kuoneka ngati kulimbalimba, ndipo opereka ena amalola kuti zodula za akaunti ya polojekiti zichoke m'mphatso momwemo. Kalata iyi inatchula ntchito zitatu ndi mitengo yake, sinasiye mpata wa zina, ndiye tinasankha kuti mpingo usenze. Kutsutsana ndi woperekayo pa K50,000 pomwe mukukamupempha chifundo pa K2,200,000 si nzeru.

Tebuloli litaikidwa patebulo la komiti, mfundo ya denga inagwa yokha. Pa K800,000 yomwe ankati yatsala, K600,000 inali ya mmisiri, ndipo K200,000 inayo inali ya zimbudzi zomwe sizinakumbidwe n'komwe. Ana a zaka zitatu ndi zinayi ankagwiritsa ntchito chimbudzi chakale cha tchalitchi, chomwe bowo lake ndi la akuluakulu.

Mizere itatu, njira zitatu

Maphunziro a alezi ndiwo anali osavuta. Ndalama yomangika ikagulira chinthu chomwe chimatha nthawi yomweyo, pali njira ziwiri zolembera. Yoyamba ndi kulemba ndalama yotulukayo mwachindunji m'danga la thumba lomangika, ndipo thumbalo limatsika lokha popanda kusamutsa kulikonse. Ndi mmene mabungwe achifundo a ku Britain amachitira. Yachiwiri, yofala ku America, ndi kulemba zotuluka zonse m'thumba lalikulu, kenako n'kumasula ndalama yofanana nayo kuchoka ku thumba lomangika kuti ikaphimbe. Zonse zimafika pa nambala imodzi. Ngozi imabwera msungichuma akaphatikiza ziwirizi, kulemba zotuluka m'danga lomangika n'kusamutsanso ndalama yomweyo. Thumba lomangika limadyedwa kawiri, ndipo thumba lalikulu limaoneka ngati lapindula. Chizindikiro chake n'chakuti thumba lomangika limafika pa ziro kapena kupitirira pansi ntchito isanathe, ndalama zili kubanki.

Ife tinasankha njira yoyamba, chifukwa lipoti lopita kwa opereka limatuluka m'danga limodzi lomwelo, ndipo mzere wa kusamutsa umatsala wa zinthu zochepa zomwe zimafunadi kufotokozedwa. Tinafufuta T/F ya K2,650,000 ndi jenolo yobweza, ndiye kuti cholemba chokonza mabuku popanda kusuntha ndalama, n'kuika ndalamayo ngati yotuluka m'thumba lomangika.

Buloko ndiyo inatenga nthawi, ndipo apa ndi pomwe kusamutsa kwenikweni kunali. M'mabuku akale zonse za bulokoyi zinalembedwa ngati zotuluka, pansi pa mutu wa kukonza nyumba. Koma nyumba si ufa. K18,900,000 sinathe, inangosanduka njerwa ndi malata, ndipo iyenera kuoneka pa katundu wokhalitsa wa mpingo. Zikatero pamabuka funso: ngati ndalamayo sinalembedwe ngati yotuluka, thumba lomangika litsika bwanji? Yankho ndi kusamutsa, ndipo musanasamutse muyenera kuyankha mafunso awiri.

Loyamba: kodi chimene woperekayo anamanga ndi kumanga kwa nyumbayo, kapena ntchito yake mpaka kalekale? Kalata ikanena kuti nyumbayi izigwira ntchito ya sukulu yamkaka yokha, kapena kuti isagulitsidwe popanda chilolezo, chingwecho sichiduka tsiku lopereka makiyi. Nyumba imakhalabe m'thumba lomangika, ndipo kutsika kwa mtengo wake chaka ndi chaka kumalembedwa momwemo mpaka thumbalo litatha. Kalata ikangonena kuti mangani, udindo umatha nyumba ikamangidwa, ndipo mtengo wake umasamuka. Kalata ya mpingowu inali ya mtundu wachiwiri, munalibe mawu alionse okhudza kagwiritsidwe ntchito ka mtsogolo. Tinawerenganso makalata onse a pakati pa mipingo iwiriyi kuchokera pomwe pempho linalembedwa, chifukwa chingwe chikhoza kubisala mu pempho lanu lomwe, ngati munalonjeza chinthu ndipo woperekayo anavomera potengera lonjezolo. Sitinapezemo china choposa cholinga chomanga.

Lachiwiri: tsiku lake ndi liti? Amayi msungichuma anachotsa K12,900,000 m'thumba kumapeto kwa chaka chomwe simenti inagulidwa. Koma simenti ya m'vesitile si buloko. Mmisiri akanathawa pa fawundeshoni, kapena madzi a mu Febuluwale akanalowa m'vesitilemo, mpingo ukanakhalabe ndi udindo wonse kwa woperekayo. Tinatenga 20 Seputembala 2024, tsiku lomwe komiti yomanga ndi mmisiri anasainirana chikalata chopatsirana nyumba. Alipo anzathu amene amasamutsa pang'onopang'ono pamene ndalama ikulowa mu nyumba, ndipo kalata ikalembedwa mwa magawo, monga fawundeshoni payokha, denga palokha, njirayo imamveka. Apa kalata inatchula buloko imodzi, ndiye tinasamutsa kamodzi.

```
Dr Thumba lomangika (sukulu yamkaka)   18,900,000
Cr Thumba la katundu wokhalitsa        18,900,000
```

Dr ndi debiti, pano thumba lomwe likutsika, ndipo Cr ndi krediti, thumba lomwe likukwera. Jenoloyi sikhudza banki konse. Onaninso komwe krediti inapita. Sitinaiponye m'thumba lalikulu mwachisawawa, tinatsegula thumba lopatulidwa la katundu wokhalitsa, lomwe ndi la mpingo ndipo si lomangika, koma limaoneka pa mzere wakewake. Chifukwa chake n'choonekeratu kwa aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wapachaka. Mkulu wampingo akaona kuti thumba lalikulu lakwera ndi K18,900,000, dzanja lake limakwera kufunsa chifukwa chake malipiro a mlonda akuchedwa. Mpingowu umatsitsa mtengo wa nyumba zake pa zaka 40, ndiye bulokoyi imatsika ndi K472,500 pachaka, ndipo miyezi itatu ya 2024 inali K118,125, yochotsedwa m'thumba lopatulidwalo.

Kusankha tsikuli kunagwedezanso mabuku a 2023, omwe anali atavomerezedwa kale. Pa 31 Disembala 2023 thumba lomangika linayenera kukhala K24,000,000 yonse, mbali ina ili kubanki, K14,900,000 ili mu nyumba yosatha, ndipo ritenshoni ya malipiro oyamba a mmisiri inayenera kuoneka ngati ngongole. Tinakonza manambala a chaka chathacho m'danga lofananizira n'kulemba ndime yofotokoza chomwe chasintha ndi chifukwa chake. Komiti sinakondwe nazo, poopa kuti anthu aganiza kuti mabuku akale anali abodza. Koma tikanasiya, chaka cha 2024 chikanayamba ndi nambala yolakwika, ndipo kusamutsa kwa K18,900,000 kukanachoka m'thumba lomwe pa pepala mulibe ndalama yotero.

Ndalama ya thandizo

Mzere wachitatu sunali kusamutsa m'pang'ono pomwe. Thumba lomangika silitsika chifukwa chakuti ndalama yagwira ntchito yabwino. Limatsika ndalama ikagwira ntchito yomwe inatchulidwa. Choncho K2,200,000 tinailemba ngati zotuluka za thumba lalikulu, pansi pa mutu wa chithandizo, ndipo thumba lalikulu linakhala ndi ngongole ku thumba lomangika. Zotsatira zake zinali zowawa: thumba lalikulu, lomwe m'mabuku oyamba linkaoneka kuti lili ndi kangachepe, linagwera pansi pa ziro.

Abusa anafunsa funso lomwe ndi loyenera kuliyankha mwaulemu. Anati abale akunjawo ndi akhristu, akanamva kuti ana akugona ndi njala m'tchalitchi sakanakaniza ufa. N'kutheka ndithu. Koma kulola kapena kukana kunali kwa iwo, ndipo uthenga umodzi wa pafoni mu Malichi 2024 ukanathetsa nkhani yonse. Chimene ndimauza makomiti n'chakuti pa ngozi yeniyeni, ngati palibe njira ina, lembani mfundoyo tsiku lomwelo ngakhale pa pepala la kope, tchulani kuti ndi ngongole, ikani tsiku lobweza, ndipo dziwitsani woperekayo sabata isanathe. Sizipangitsa kuti kutapako kukhale kololedwa, koma ngongoleyo siiwalika, ndipo woperekayo amamva kwa inu, osati kwa odita.

Panalinso maganizo oti lipoti lopita kunja lingotchula buloko ndi maphunziro, zimbudzi zinenedwe kuti zikubwera, mpingo uzibweza mwakachetechete. Tinakana kusaina mabuku pa njira imeneyo. Mabuku omwewo ndi amene amapita kwa opereka, ndipo ngongole ya K2,250,000 pakati pa matumba iyenera kuoneka ndi kufotokozedwa. Matrasti anakumana kumayambiriro kwa Febuluwale 2025, ndipo kalata inalembedwa m'dzina lawo. Inanena tsiku, ndalama, chifukwa, ndi kuti chilolezo sichinapemphedwe. Anaphatikizapo mndandanda wa olandira uja, tebulo la thumba, ndi mtengo watsopano wa zimbudzi, womwe unali utafika K3,400,000. Anapempha chimodzi mwa ziwiri: kuti ndalamayo iwerengedwe ngati mphatso ya thandizo, kapena apatsidwe nthawi yobweza.

Yankho linabwera pakati pa Malichi. Opereka anavomera kuti K1,200,000, yomwe inali ya chakudya, iwerengedwe ngati mphatso yawo kwa okhudzidwa ndi madzi. K1,000,000 inayo ibwezedwe, ndipo zimbudzi zimangidwe chaka chisanathe, mpingo uwonjezere pomwe paperewera. Ananenanso momveka kuti buloko ndi ya mpingo, zomwe zinatsimikizira mmene tinawerengera kalata yoyamba.

Apa panali msampha wina. Mabuku a 2024 anali asanasainidwe, ndipo komiti inafuna kuti K1,200,000 isamutsidwe m'chaka chomwecho kuti thumba lalikulu lisaoneke loipa kwambiri. Tinakana. Pa 31 Disembala 2024 chingwe chinali chikadalipo. Kalata ya mu Malichi sinaulule chinthu chomwe chinalipo kale, inapanga chatsopano. Mu mabuku a 2024 tinangoifotokoza m'ndime ya zochitika chaka chitatha, ndipo jenolo yake inalowa mu 2025, pa tsiku la kalatayo.

```
Dr Thumba lomangika (sukulu yamkaka)   1,200,000
Cr Thumba lalikulu                     1,200,000
```

Jenolo imeneyi inatsitsa thumba lomangika kufika pa K1,250,000, ndipo ngongole ya pakati pa matumba inatsika kufika pa K1,050,000. Kumbuyo kwa vocha yake tinamata kope ya kalata ya opereka ndi minitsi ya matrasti. Kusamutsa kulikonse kochoka m'thumba lomangika kuyenera kukhala ndi pepala lochokera kunja kwa ofesi ya msungichuma: chikalata chopatsirana nyumba, kalata ya woperekayo, kapena ndime ya mgwirizano yomwe ikuloleza. Minitsi ya komiti payokha sikwanira, chifukwa komiti singadzimasule yokha.

Zomwe zinatsatira

Ritenshoni inali yoyenera kulipidwa pa 20 Malichi 2025. Komiti yomanga itayendera nyumbayo inapeza mng'alu pakhonde ndi chitseko chimodzi chomwe chinkakhula pansi. Mmisiri anakonza, ndipo analandira K600,000 yake mu Epulo kuchokera ku akaunti ya sukulu. Kulipiraku sikunakhudze thumba, chifukwa mtengowo unali utawerengedwa kale mu K18,900,000. Kunangothetsa ngongole. Mfundo ya denga ija ikanadutsa, mmisiriyu akanapeza akaunti yotsekedwa.

Ngongole ya K1,050,000 inabwezedwa pa K150,000 mwezi uliwonse, kuyambira Epulo mpaka Okutobala, miyezi yomwe chopereka chimakhala chabwinoko kuderali chifukwa mpunga wakololedwa ndipo nzimbe zikudulidwa. Amayi msungichuma anafunsa ngati mizere imeneyi ailembe ngati kusamutsa kolowa m'thumba lomangika. Ayi. Thumbalo linali kale ndi K1,250,000 pa pepala, ndipo kubwezako kunangosandutsa ngongole kukhala ndalama ya kubanki. Akanailemba ngati kusamutsa, thumba likanafufuma kufika pa K2,300,000 yomwe kulibe. Pofika kumapeto kwa Okutobala, zomwe zinabwezedwa pamodzi ndi K200,000 ija zinakwana K1,250,000, ndendende ndi thumba.

Zimbudzi zinkafuna K3,400,000, ndiye panaperewera K2,150,000. Mpingo unachititsa Pepa Sande mu Julayi, ndipo panapezeka K1,480,000. Ambiri saganizira kuti ndalama imeneyinso ndi yomangika. Kalata zoitanira anthu zinanena kuti ndi za zimbudzi za ana, ndipo mayi amene anaponya K2,000 m'mbale wamanga mpingo mofanana ndi mpingo wakunja uja, ngakhale alibe kalata. Tinailowetsa m'thumba lomwelo. Tinalangizanso kuti pa zochitika zina zotere kalata yoitanira izikhala ndi chiganizo chonena komwe ndalama yotsala idzapite, chifukwa simungabwerere kwa anthu mazana atatu kukapempha chilolezo mmodzimmodzi.

K670,000 yomaliza inachokera ku thumba lalikulu, ndipo uku kunali kusamutsa kwenikweni, koma kolowera kwina: debiti ku thumba lalikulu, krediti ku thumba lomangika. Kusamutsa kolowa sikufuna chilolezo cha woperekayo, minitsi ya matrasti imakwanira, popeza mpingo ukupereka zake. Thumba lomangika lisamasiyidwe pansi pa ziro kumapeto kwa chaka pokhapokha pali ndalama yotsimikizika yomwe ikubwera.

Zimbudzi za mabowo anayi, aang'ono oyenera ana, zokhala ndi posambira m'manja, zinaperekedwa mu Novembala 2025 mvula isanayambe. Jenolo yomaliza inasamutsa K3,400,000 kupita ku thumba la katundu wokhalitsa, ndipo thumba lomangika linafika pa ziro tsiku lomwelo akaunti ya sukulu inafika pa ziro. Opereka analandira lipoti lomaliza ndi zithunzi, ndipo anayankha polemba kuti mphatsoyo yatsekedwa. Kalata imeneyo ili m'fayilo, pamwamba pa yoyamba ija.

Kashibuku ya mpingowu tsopano ili ndi danga lina lowonjezera, lolembamo thumba lomwe vocha iliyonse ikukhudza, ndipo kusuntha ndalama pakati pa maakaunti kumalembedwa mbali zonse ziwiri popanda kukhudza danga limenelo. Kumapeto kwa mwezi amayi msungichuma amalemba tebulo la mizere inayi lija pa thumba lomangika lililonse, n'kulipereka kwa mmodzi wa matrasti kuti asaine. Denga la nyumba ya abusa linangomatidwa phula, ndipo malata atsopano ali pa bajeti ya 2026 ya thumba lalikulu.